Tcheni cha pa makina anga chikungotamuka: vuto ndi tcheni kapena sipuloketi?

Sefa_Yamchenga
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi makina osefera mchenga amene ndinachita kupangitsa. Mota yake ndi ya makilowati 2.2, imazungulira ka 1450 pa mphindi. Pa motapo pali sipuloketi ya mano 11, ndipo pa shafti yogwedeza sefa pali ya mano 66, kuti shaftiyo izizungulira cha m'ma 240. Tcheni ndi 08B-1, cha malinki 104, ndipo kuchoka pakati pa shafti ina kufika pakati pa inzake ndi mamilimita 400. Vuto langa ndi loti tcheni sichikhalitsa. Chimene chilipo pano ndi chachiwiri, changotha miyezi itatu koma chatamuka kale. Ndinayamba ndi kukankhira mota m'mbuyo mpaka mabowo ake anatha, kenako ndinachotsa malinki awiri. Pano chayambanso kulendewera, chikulira ngati mukukoka chitsulo pa miyala, ndipo dzulo chadumpha mano kawiri. Girizi ndimapaka Lolemba lililonse osaphonya. Ndalakwitsa pati?

Nyundo_Yaikulu
Tcheni chimenecho chachepa mphamvu achimwene. Sefa imagwedeza kwambiri, 08B siingapirire. Ikani 12B, muiwala za vutoli.

Sipanala17
Musanagule chilichonse a Sefa, tayambani mwayeza. Zimitsani makina, mukunge mbali imodzi ya tcheni potembenuza sipuloketi yaikulu ndi dzanja wina atagwira yaing'onoyo, ndiye muike tepi pakati pa pini imodzi, muwerenge mipata 20, muone pamene pakati pa pini ya nambala 21 pagwera. Tcheni chanucho pichi yake, kutanthauza mpata wa pakati pa pini ndi pini, ndi mamilimita 12.7, choncho chikakhala chatsopano mipata 20 imakwana 254 ndendende. Mutiuze nambala imene mupeze. Muyang'anenso m'mphepete mwa mapuleti, pamene pini yatulukira, ngati pali kafumbi kofiirira ngati dzimbiri.

Sefa_Yamchenga
Ndayeza malo atatu osiyana. Pawiri ndapeza 261, pamodzi 260 ndi theka. Kafumbi kofiirako kaliko ndithu, ndinapukuta girizi ndi kansalu n'kukapeza pansi pake. Nditachotsa tcheni n'kuchigoneka chammbali m'manja, chikupindika ngati uta.

Sipanala17
Zikomo, ndiye nkhani yaoneka. Mamilimita 7 pa 254 ndi pafupifupi maperesenti 2.8. Opanga matcheni ambiri amati chikafika pakati pa 2 ndi 3 peresenti chatha ntchito, ndiye chanucho chafika kumapeto.

Koma pali mfundo imene ndikufuna timvane, chifukwa ndi imene yasokoneza yankho la a Nyundo. Timati tcheni chatamuka, komatu chitsulo chake sichinatamuke ngakhale pang'ono. Mutatenga puleti imodzi ya tcheni chakalecho n'kuisanjika pa yatsopano mupeza kuti n'zofanana. Chimene chachitika n'choti pini yadyeka, ndipo bushi imene piniyo imazunguliramo yakula m'kati. Mfundo iliyonse yapeza kampata kakang'ono, kwa inu pafupifupi mamilimita 0.35 pa linki. Kampata kameneko kuchulukitsa ndi malinki 104 kakupereka mamilimita 36, pafupifupi malinki atatu athunthu. Si uko kunachokera malinki awiri munachotsa aja, ndi malo munakankhira mota aja?

Tsopano za mphamvu. Liwiro la tcheni timalipeza chonchi, z ndi mano, p ndi pichi, n ndi kuzungulira pa mphindi:

```
v = z × p × n / 60000
v = 11 × 12.7 × 1450 / 60000 = 3.4 m/s
```

Mawati 2200 kugawa ndi 3.4 akutipatsa manyutoni pafupifupi 650, kumene kuli ngati kupachika makilogalamu 66 pa tcheni. 08B-1 imaduka ikasenza makilogalamu pafupifupi 1800. Ngakhale titati kugwedeza kwa sefa kukuwonjezera theka lina pamwamba, tikadali kutali kwambiri ndi pamenepo. Tcheni chanu sichikulemedwa ayi, chikuperepeseka m'mfundo.

Nyundo_Yaikulu
Ndamva, koma tcheni chachikulu chili ndi pini yaikulu. Pini yaikulu imachedwa kudyeka. Pamenepa ndanama?

Sipanala17
Simunaname bambo, pa shafti yoyenda pang'onopang'ono ndikanagwirizana nanu osatsutsa. Vuto ndi loti sipuloketi imeneyi ili pa mota penipeni. Pa sekondi iliyonse marola oposa 260 akumenya mano. Rola ya 12B ndi yolemera, ndipo pichi ikakula liwiro limene rola imafikira pa dzino limakulanso, ndiye kumenya kuja kumakula pa zifukwa ziwiri: kulemera ndi liwiro. Mukayang'ana matebulo a opanga matcheni muona kuti mphamvu imene tcheni chinganyamule imakwera limodzi ndi liwiro mpaka pena pake, kenako imagwa, ndipo tcheni cha pichi yaikulu chimafika pogwera pamenepo msanga. Pa liwiro lalikulu timasankha pichi yaing'ono, ikachepa mphamvu timatenga cha mizere iwiri. Komanso taganizani, sipuloketi ya mano 66 ya 12B ndi yotambalala mamilimita 400. Ikwana pa makina a a Sefa?

Sefa_Yamchenga
Siingakwane. Imene ilipoyi ndi ya 267 ndipo pansi pake pangotsala malo okwana chikhatho.

Wa_Njinga_Yamoto
Ine sindikumvetsa chifukwa chimene mukudana ndi mano ochepa. Njinga yanga kutsogolo ili ndi mano 14 ndipo tcheni ndimayenda nacho chaka chathunthu.

Mayi_Fita
A Wa_Njinga, sipuloketi ya kutsogolo kwa njinga ili kuseri kwa giyabokosi, simayenda pa liwiro limodzi tsiku lonse, ndipo simukwera njinga maola asanu ndi atatu osaima. Werengani maola amene tcheni chanu chimagwira ntchito pa chaka, mupeza kuti makina a a Sefa amawakwanitsa m'miyezi yochepa chabe.

Sipanala17
Mayi_Fita anena zoona. Ndiwonjezere za manowo chifukwa ndi pamene pagona theka la vutoli.

Tcheni sichizungulira sipuloketi ngati chingwe pa gudumu. Linki iliyonse ndi kachitsulo kowongoka, ndiye chikamakulunga sipuloketi chimapanga ngodya, ngati mukanazunguliza bwalo ndi timitengo ta machesi. Timitengo tikachepa ngodya zimakula. Pa mano 11 mfundo iliyonse imapindika madigiri pafupifupi 33 polowa, n'kuwongokanso madigiri 33 potuluka. Pa mano 19 imapindika madigiri 19 okha. Polowa pa sipuloketi ya ku mota mfundo imapindika ili yokungika ndi katundu yense, ndiye pini imakhula bushi mtunda wonsewo. Apa ndi pamene kafumbi kofiira kaja kamapangidwira.

Chachiwiri, chifukwa cha ngodya zomwezo, tcheni chimakwera n'kutsika dzino lililonse likamadutsa, ndipo liwiro lake limasintha ngakhale mota ikuyenda mofanana. Pa mano 11 kusinthako ndi maperesenti 4, pa 19 sikufika 1 ndi theka. Maperesenti 4 akumveka ochepa, koma zikuchitika ka 260 pa sekondi. Phokoso mukulimvalo gawo lalikulu ndi limenelo. N'chifukwa chake pa shafti yothamanga sitikonda kutsika pa mano 17, ndipo ine ndimayambira pa 19.

Pa makina anu a Sefa tcheni chakulunga sipuloketi yaing'ono madigiri pafupifupi 148. Zimenezo zili bwino, malire ndi 120. Koma pa mano 11 zikutanthauza kuti mano anayi kapena asanu okha ndi amene agwira.

Sefa_Yamchenga
Amene anandipangira makinawa anati anasankha 11 kuti yaikulu isakule kwambiri. Ndiye kodi ndingoika ya 19 pa mota basi?

Nkhwazi_08
Ayi musatero! Ndi 19 ku mota ndi 66 ku sefa, shafti izizungulira koposa 400 pa mphindi. Sefa ithyoka mawelo, mchenga uzingodumpha osasefeka.

Sipanala17
Eya, chiwerengero cha 6 kwa 1 chiyenera kukhala chomwecho. Ndi 19 ku mota mufunika 114 kwinako, yotambalala mamilimita 461, yomwe mwanena kale kuti malo ake palibe. Ndipo sipuloketi ya mano ambiri ili ndi vuto lakelake: imapirira pang'ono tcheni chikayamba kutha. Tcheni chotalika pichi chimakwera kunsonga za mano, ndipo mano akachuluka chimafika kunsongako msanga. Kalamulo kamene timagwiritsa ntchito n'kogawa 200 ndi mano a sipuloketi yaikulu. Pa 66 mupeza 3 peresenti, pa 114 mupeza 1.75 yokha. Mwaona chifukwa chimene chanu chayamba kudumpha pa 2.8?

Mayi_Fita
Ine ndibwerere kwa girizi, chifukwa ngakhale mutakonza mano, mukapitiriza kupaka girizi mudzabweranso pano. Ndinagwirapo ntchito pa malamba onyamula miyala yophwanya, ndipo tinkataya matcheni ambiri mpaka tsiku lina ndinadula pini ya tcheni chimene kunja kwake kunali girizi waphaka. Piniyo inali youma gwa, yofiira, ndipo mbali imodzi inali itadyeka mpaka chikhadabo chinkakodwa pamene bushi inathera. Girizi uja sanalowemo n'komwe. Njira yolowera ku pini ndi kampata kopyapyala ka pakati pa puleti yakunja ndi yam'kati, girizi wamba sangadutsemo. Amangokhala pamwamba, kugwira mchenga, n'kutsekanso njira yoti oyilo adzalowere.

Chofunika ndi oyilo wamadzi, SAE 30 amakwana pa kutentha kwa masiku onse. Mumudonthezere m'mphepete mwa mapuleti mbali zonse ziwiri, osati pakati pa rola pokha, ndipo muchite zimenezi ku mbali yolendewera ya tcheni, chakum'kati kumene kumakhudza mano, chitatsala pang'ono kulowa pa sipuloketi. Kumeneko mfundo zimakhala zomasuka, oyilo amalowa, ndipo chikamazungulira amakankhidwira kunja kudutsa m'mfundomo. Mukathira pamsana pa tcheni amangouluka.

Chiphaliwali
Pamenepo ndikutsutsani mayi. Pamalo a mchenga oyilo ndi mdani. Oyilo ndi mchenga zikasakanikirana zimakhala ngati phala lopalira mavavu. Ine pa makina anga oumbira njerwa ndimasiya tcheni chouma, ndimangochiuzira ndi mpweya madzulo, ndipo chimakhalitsa kuposa pamene ndinkathira oyilo.

Mayi_Fita
Tcheni chanucho chimathamanga bwanji?

Chiphaliwali
Chili kuseri kwa giyabokosi, sipuloketi yaing'ono imazungulira cha m'ma 30 pa mphindi.

Mayi_Fita
Ndiye nkhani zathu n'zosiyana. Pa 30 pa mphindi, poyera, m'fumbi, sindingakutsutseni kwambiri, ena amachitadi zimenezo. Koma cha a Sefa chikuyenda mamita 3.4 pa sekondi. Chouma chitentha moti simungachigwire, ndipo sichitha mwezi. Pa liwiro limenelo ngakhale kuthira ndi dzanja kamodzi pa tsiku sikukwana. Chimafunika chizisamba m'oyilo, m'bokosi lotseka. Bokosilo likonza zinthu ziwiri nthawi imodzi, mchenga sulowa ndipo oyilo sachoka. Si chinthu chovuta kupanga: malata olimba, magawo awiri, lapansi lowotcherera bwino kuti lisadonthe, kabowo kothirira, kabowo kokhetsera, ndi zotsekera pamene mashafti alowera. Oyilo asadzaze. Angofika pakati pa mapini a pamalo otsikitsitsa a tcheni. Mukachimiza kwambiri oyilo amachita thovu n'kutentha.

Mlendo_22
Pepani ndilowerere. Nanga oyilo wakuda wochotsa mu injini angagwire? Ndili naye wambiri.

Nkhwazi_08
Kusiyana ndi kusathira kalikonse, bola iye. Koma ali ndi mwaye ndi tizitsulo tating'onoting'ono, ndipo m'bokosi lotseka tizingozungulira m'mfundo momwemo. Bokosi lotere limadya oyilo wochepa, thirani watsopano.

Wa_Njinga_Yamoto
Bwanji osangoika tcheni cha njinga yamoto chokhala ndi timphira m'mfundo? Cha 428 pichi yake ndi 12.7 yomweyo. Mafuta ake ali m'kati kale, mchenga sufika pa pini.

Sipanala17
Ganizo limenelo si loipa. Timphirato timatetezadi pini ndi bushi, ndipo pichi ndi yomweyo monga mwanenera. Chimene satetezedwa ndi rola ndi mano, zimenezo zimafunabe oyilo pang'ono, komanso tcheni chotere chimakhala chotambalala, muone ngati sichikhula kanthu m'mbali. Koma mano 11 aja akhalabe 11. Ine ndingachione ngati chothandiza podikira, osati mankhwala.

Mayi_Fita
Ine mtima wanga sunakhazikike nacho. Mchenga wosefa ndi wakuthwa, ndikuopa kuti udya timphirato, ndipo kamphira kamodzi kakangoduka mfundo imeneyo imauma yokha n'kuuma khosi pamene zinzake zili bwino. Amene anayesapo pa ntchito ya mchenga atiuze.

Bauti_Khumi
Poti mwatchula zosinthanitsa matcheni, ndikuchenjezeni ndi zimene zinandichitikira. Ndinapita kukagula tcheni cha theka la inchi, wogulitsa anandipatsa cholembedwa 40 n'kunena kuti n'chimodzimodzi ndi 08B. Pichi inalidi yofanana, chinakwera pa sipuloketi bwinobwino. Koma phokoso linali lachilendo, ndipo patapita masabata angapo mano anayamba kuwala malo osayenera. Nditayeza ndinapeza kuti rola ya 40 ndi mamilimita 7.92 pamene ya 08B ndi 8.51. Rola yaing'onoyo simakhala bwino m'chikwa cha dzino. A Sefa, taonani chimene chalembedwa pa mapuleti a tcheni chanu, mwina nanunso anakupatsani cholakwika.

Sefa_Yamchenga
Ndaona, palembedwa 08B. Koma ndili pomwepo ndaonanso kuti mano a sipuloketi yaing'ono apindikira mbali imodzi ngati mbedza, ndipo m'mbali mwake, mbali yoyang'ana ku mota, mwawala kwambiri. Yaikuluyo ikuoneka bwino. Ndiulule kuti poika tcheni chachiwirichi sindinasinthe sipuloketi.

Nkhwazi_08
Apo pali zinthu ziwiri. Mano a mbedzawo anapangidwa ndi tcheni choyamba, ndipo chachiwiri chinangofikira m'mabala a chinzake, n'chifukwa chake chatha msanga. Dzino la mbedza limakakamira rola potuluka. Yaing'onoyo tayani. Dzino lake lililonse limagwira ntchito kasanu ndi kamodzi pamene la yaikulu lagwira kamodzi, ndiye pogula ina mufunse ya mano olimbitsidwa ndi moto.

Kuwala kwa mbali imodziko ndiye kuti masipuloketi sali pa mzere umodzi. Ndikuganiza kuti pokankha mota paja inapendekeka. Tengani chitsulo chowongoka, muchigoneke pa nkhope ya sipuloketi yaikulu, chifike pa yaing'ono. Chiyenera kukhudza malo anayi, awiri uku awiri uko, popanda kuwala kudutsa. Mukayang'ananso m'kati mwa mapuleti a tcheni chakalecho mupeza mbali imodzi yokhulika.

Nyundo_Yaikulu
Ndipo musamachikunge ngati chingwe cha gitala. Ambiri akaona chikulira amakoka mota mpaka tcheni chiume, kenako mabering'i a mota amatha.

Sipanala17
Apa a Nyundo alasa. Mbali yolendewera izikhala ndi kolowa pafupifupi 2 peresenti ya mtunda wa pakati pa mashafti. Pa 400 ndiye mamilimita 8, kapena tinene 16 mukachikankhira m'mwamba ndi pansi ndi chala. Muzungulize kaye ndi dzanja mupeze pamene chimakungika kwambiri, muyezere pamenepo.

Tsopano njira yokonzera. Mmene ndikuonera, kutsitsa 6 kwa 1 kamodzin'kamodzi kuchoka pa mota ya 1450 ndi kumene kunakakamiza wopanga uja kuika mano 11. Ndikanakhala ine ndikanagawa pawiri. Kuchoka pa mota, lamba wa V pa mapule a 2 kwa 1, kufika pa kashafti kapakati kozungulira ka 725. Kuchoka apo tcheni chomwecho cha 08B-1, mano 19 ndi 57. Ya 57 ndi yotambalala mamilimita 231, yaing'ono kuposa imene muli nayo, ndiye malo si vuto. Lamba amakonda liwiro, safuna oyilo, ndipo amameza kugwedeza kwina kusanafike ku mota.

Mukaika mashafti motalikirana 500, malinki muwapeza chonchi, C ndi mtunda umenewo, z1 ndi z2 ndi mano a masipuloketi awiriwo:

```
L = 2C/p + (z1 + z2)/2 + ((z2 - z1)/6.283)^2 × p/C
L = 78.7 + 38 + 0.9 = 117.6
```

Tengani 118, mashafti atalikirane pafupifupi 502. Nthawi zonse kwezerani ku nambala yogawika pawiri, kuti musafune hafulinki. Puleti ya hafulinki ndi yopindika, ndipo pa makina ogwedeza ndi pamene mng'alu umayambira. Malinki ogawika pawiri pa mano osagawika pawiri, monga 19 ndi 57, amachititsanso kuti dzino lililonse lizikumana ndi malinki akunja ndi am'kati mosinthana, kudyeka kumafalikira mofanana.

Nkhwazi_08
A Sipanala, ndawerengera njira yanuyi ndipo pali chimene simunanene. Liwiro la tcheni likhala mamita 2.9 pa sekondi, ndiye chikoka chikwera kufika makilogalamu 77 kuchoka pa 66. Mwachepetsa kupindika koma mwawonjezera katundu pa pini. Mwawonjezeranso shafti, mabering'i awiri, mapule awiri ndi lamba, zonsezo m'fumbi. Bwanji osangosintha mota, kuika ya 960 pa mphindi? Pamenepo mufunika 4 kwa 1 basi, mano 19 ndi 76. Chikoka chitsika kufika makilogalamu 58, ndipo palibe chowonjezera.

Sipanala17
Mawerengedwe anu ali bwino, sindikuwatsutsa. Chikoka chikweradi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Koma kupindika kwatsika kuchoka pa madigiri 33 kufika 19, ndipo tcheni chizizungulira ka 117 pa mphindi m'malo mwa 153, ndiye zonse mukaziphatikiza kukhulana kwa pa pini kwatsika ndithu. Njira yanu ndi yoyera, ndikuvomera, koma ili ndi zake. Ya mano 76 ndi mamilimita 307, a Sefa ati pansi pangotsala chikhatho. Mota ya 960 ya mphamvu yomweyo imakhala yaikulu thupi, mpando wake usintha. Ndipo tcheni chizithamanga mamita 3.9 pa sekondi, kuposa panopa, ndiye popanda bokosi la Mayi_Fita musayese n'komwe.

Mayi_Fita
Bokosi likufunika pa njira zonse ziwiri. Mamita 2.9 nawonso si liwiro lothira ndi kabotolo.

Chiphaliwali
Nanga bwanji osachotseratu tcheni, kuika malamba okhaokha kawiri? Pa mchenga ine ndikanatero.

Nyundo_Yaikulu
Lamba pa shafti ya 240 yogwedeza aziterereka, pokhapokha muike atatu kapena anayi pa mapule aakulu.

Chiphaliwali
Atatu si vuto. Ndi bwino kusintha malamba kusiyana ndi kusamala bokosi la oyilo limene anyamata a pa ntchito adzaiwala kuthiramo.

Sefa_Yamchenga
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Ndapita kukayeza malo aja bwinobwino. Kuchoka kunsonga za mano a sipuloketi yaikulu kufika pa chitsulo cha pansi pali mamilimita 70. Ya mano 76 ingatsike ndi 20 okha kuposa iyi, ndiye ikhoza kukwana, koma sindikudziwa ngati 50 otsalawo akwanira bokosi ndi oyilo wake. Ndagonekanso chitsulo chowongoka chija monga ananenera a Nkhwazi: pa sipuloketi yaing'ono chikukhudza kutsogolo kokha, kumbuyo kwatsala mpata wolowa ndalama yachitsulo. Mota inapendekekadi.

Ntchito siingaime kudikira zonsezi, ndiye sabata ino ndiika tcheni chatsopano ndi ya mano 11 yatsopano, ndiwongola mota, ndisiya girizi, ndipo ndiphimba ndi lata kuti mchenga usagwerepo. Funso langa ndi ili: ndiziyeza kangati, ndipo kakilipi ka pa linki yolumikizira kamayang'ana kuti? Kanagwapo kamodzi.

Nkhwazi_08
Mbali yotseka ya kilipi itsogole kumene tcheni chikupita, yotsegula itsalire m'mbuyo. Ikayang'ana kutsogolo, kanthu kalikonse kakaikhudza imavuka.

Sipanala17
Yezani tsiku loika, mulembe penapake. Masiku oyamba chitalika pang'ono msanga pamene mfundo zikukhazikika, musadabwe, ingokonzani kolowa kaja pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Kenako muziyeza Loweruka lililonse, mipata 20 yomweyo, malo atatu. Chikafika 259 yambani kukonzekera china, chisafikenso 261 chifukwa pamenepo chimakhala chikudya mano a sipuloketi yaikulu, imene pakali pano mwati ili bwino. Manambalawo mudzatibweretsere, tidzaone kuti oyilo yekha wathandiza motani mano akadali 11.

Mayi_Fita
Podikira bokosi, mangani kachitini pamwamba ndi kapaipi kopyapyala kogawika pawiri, kazidontheza pa mizere yonse iwiri ya mapuleti makina akamayenda, madontho khumi kapena kuposerapo pa mphindi. Tcheni chatsopano musachitsuke ndi petulo, mafuta amene chimabwera nawo ali kale m'mfundo. Za mamilimita 50 aja, akwana ngati lata la pansi mulipinda motsatira sipuloketi, koma oyilo akhala wochepa ndipo azitentha msanga. Kodi chitsulo cha pansicho chanyamula chiyani? Ngati n'chongolumikiza miyendo, chikhoza kudulidwa n'kuwotchereredwa m'munsi pang'ono.

Sefa_Yamchenga
Chanyamula bering'i imodzi ya shafti ya sefa, mayi. Mawa kukacha ndichijambula ndi tepi pambali pake kuti muone.